"Mundilembe" kapena "mundilembere"? Kupenda makalata atatu opempha umboni kwa abwana akale

Kusukulu tinaphunzira kuti makalata alipo a mitundu iwiri, kalata yamchezo ndi kalata yantchito. Yamchezo timalembera abale ndi anansi, yantchito timalembera a maudindo. Koma pali kalata ina imene imakana kulowa m'khola lililonse mwa awiriwa. Iyi ndi kalata yopita kwa abwana amene tinasiyana nawo, yowapempha kuti atichitire umboni kumene tikufunsira ntchito yatsopano. Amene tikuwalemberawo timadziwana nawo, mwinanso tinkadyera limodzi chimanga chootcha kuseri kwa sitolo. Komabe chimene tikupemphacho ndi cha muofesi, chofunika deti, siginecha ndi chidindo.

Ku Dedza vutoli limaoneka bwino. Alipo malo a ntchito okhazikika monga Dedza Pottery, sukulu ya zankhalango ya ku Chongoni, sukulu zamishoni za ku Bembeke ndi maofesi a paboma. Koma achinyamata ambiri amayambira kwa munthu payekha: m'sitolo ya mbewu ndi feteleza, pamalo ochekera matabwa, kapena kwa wogula mbatata ya kachewere wotumiza ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kumeneko kulibe fayilo ya wantchito. Fayilo ndi mutu wa abwanawo, ndipo abwanawo mukakumana nawo kutchalitchi Lamulungu ndi pamaliro m'mudzi. Ukalakwitsa kapemphedwe, umataya kalata, ulemu nawo n'kuthothoka.

Ndapeka makalata atatu motsanzira amene ndakhala ndikuwaona, kuti tiwapende. Mfundo yanga ndi imodzi. M'Chichewa ulemu umakwana m'kati mwa mneni mmodzi, choncho sufuna ndime zitatu. Malo otsalawo apite ku mfundo zimene abwana akufunika kuti alembe kalatayo asanazizidwe nayo.

Kodi tikupempha chiyani kwenikweni?

Pakamwa timangoti "leferensi", koma liwu limodzili likusenza zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi chikalata chotsimikiza kuti munagwiradi ntchito pamalopo. Chachiwiri ndi kalata yaumboni, imene imanena za khalidwe lanu ndi kagwiridwe kanu ka ntchito. Chachitatu ndi chilolezo chabe choti mulembe dzina ndi nambala ya abwana pa sivi yanu, kuti olemba ntchito atsopano adzawaimbire.

Kusiyanaku kuli ndi maziko m'malamulo. Lamulo la zantchito la m'Malawi la chaka cha 2000, m'gawo 31, limati ntchito ikatha ndipo wantchito akapempha, wolemba ntchito ayenera kupereka chikalata chosonyeza dzina ndi keyala yake, mtundu wa bizinesi yake, kutalika kwa nthawi imene munthuyo wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chimene ntchito inathera chimalembedwa ngati wantchito wapempha. Gawo lomwelo limanenanso kuti chikalatacho chisakhale ndi mawu oweruza kagwiridwe ka ntchito pokhapokha mwiniwake atafuna.

Mwaonatu pamenepa. Chikalata choyamba chija ndi ufulu wanu, koma mawu okuyamikirani ndi mphatso. Palibe lamulo lokakamiza munthu kulemba kuti munali wokhulupirika. Ndiye chifukwa chake kapemphedwe kali ndi ntchito, ndipo wopempha ayenera kutchula chimene akufuna mwa zitatuzi.

Tiyerekeze tsono mtsikana amene anali kalaliki m'sitolo ya zipangizo zaulimi pa Dedza boma kuyambira Malichi 2019 mpaka Okotobala 2022. Ankalemba katundu wolowa ndi wotuluka, kusunga makiyi a nyumba yosungira katundu, ndi kukasiya ndalama kubanki. Anachoka bwinobwino kupita kusukulu. Tsopano waona ntchito yoyang'anira katundu ku Lilongwe, ndipo akufuna kalata yaumboni. Eni sitolo ndi bambo wachikulire, tiwatchule ndi mfunda wawo wokha, a Phiri.

Kalata yoyamba: yothamanga

Iyi imabwera pa WhatsApp, nthawi zambiri usiku:

"Bwana muli bho? Ndikufuna mundilembe leferensi, akufuna mawa. Zikomo."

Ambiri poidzudzula amathamangira pa "bho", ndipo n'zoona kuti ndi moni wa anzako apabawo. Koma kwa ine chilema chachikulu chili pa mneni. Pali "mundilembe" ndipo pali "mundilembere". Kusiyana kwake ndi kachidutswa kakang'ono, -er-, kamene m'kalasi timati msintho womchitira. Kakakhalapo, kalata ndiyo ikulembedwa, ine ndine wopindula. Kakachoka, wolembedwa ndine, ndipo m'Chichewa kulemba munthu ndi kum'patsa ntchito. A Phiri akangoona "mundilembe" kuchokera kwa munthu amene anachoka zaka zapitazo, mtima umayamba wathawa. Afuna abwererenso? Malo ake ndinaikapo kale wina! Liwu lotsatiralo limawongola tanthauzo, inde, koma munthu wadzidzimuka kale.

Chachiwiri ndi "ndikufuna". Mneni ameneyu amaika chifuniro cha wolemba patsogolo, ngati wogula pakauntala. Kwa munthu wamkulu amene alibe nawe ngongole, amamveka ngati kutuma.

Chachitatu ndi "akufuna mawa". Akufuna ndani? Chilembo a- m'Chichewa chimaimira anthu ambiri, chimaimiranso munthu mmodzi wolemekezeka. Pano sitikudziwa ngati ndi kampani, sukulu kapena ofesi ya boma. Kalata yaumboni imalembedwa moyang'ana kumene ikupita, ndiye a Phiri alemba bwanji osadziwa? Nayenso "mawa" akuwauza kuti nthawi yawo sinawerengeredwe. Mwina mawalo ali ku Bembeke kokatenga katundu.

Pomaliza, uthengawu sunanene kuti wolemba ndani. Nambala za foni zimasintha, ndipo m'zaka zitatu pasitolo padutsa makalaliki angapo. Yankho lake limakhala lija lochititsa manyazi: "Pepani, ndani kodi?"

Kalata yachiwiri: yogwada

Yachiwiri ndi ya munthu woleredwa bwino, amene waopa kuoneka wamwano:

"Okondedwa Bambo, choyamba ndithokoze Mulungu pondipatsa mpata uno woti ndikulembereni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi ana onse. Kuno tili bwino pang'ono, kungoti mavuto ndiye saona nkhope. Bambo, sindidzaiwala zimene munandichitira, munanditola ngati mwana wanu pamene ndinalibe kolowera. Ine ndine uja ndinagwirako ntchito kwanuko, ndinkangothandizathandiza m'sitolo. Pepani kwambiri pokuvutitsani, ndikudziwa ndinu otanganidwa. Ndimapempha chithandizo chanu pa kakalata kenakake, ngati n'kotheka, koma ngati n'kosatheka palibe kanthu. Ambuye akudalitseni."

Kalata iyi ndi yokoma m'khutu, ndipo sindikufuna kuinyoza. Ikutsata mwambo weniweni. Kwathu mlendo sayamba ndi chimene wadzera. Amaodira, amakhala pansi, malonje amachitika, kenaka mwininyumba ndiye amapereka mpata. Wolembayu wasamutsira mwambo wa pakhonde papepala. Vuto n'lakuti pakhonde pali wofunsa kuti "Nanga mwatiyendera?", ndipo ukazungulira amakubweza panjira. Papepala palibe wokubweza. Ndi chikomekome cha mkuyu: a Phiri afika kumapeto osadziwa choti achite.

Taonani mmene mawu akuwasocheretsera. Kalata yanena za "mavuto", kenaka yapempha "chithandizo". M'Chichewa cha masiku ano mawu awiriwa akatsatana, aliyense amamva ndalama. Pofika pa "kakalata kenakake", a Phiri ayamba kale kukonza mawu okanira ngongole.

Koma chimene ndikufuna tichione bwino ndi tizidutswa titatu todzichepetsera: -ko, -ngo- ndi ka-. Tonseti ndi tabwino pamalo pake. Tikalakwika malo timaluma mwini.

Tiyambe ndi -ko. Pa "mundilembereko" amafewetsa pempho, ngati ukunena kuti sindikupempha zambiri. Koma -ko yemweyo ali ndi tanthauzo lina la "pang'ono chabe", monga tikati "ndadyako". Ndiye "ndinagwirako ntchito" akumveka ngati munthu anangodutsa, mwina ganyu wa miyezi iwiri. Mtsikana wathuyu anakhala zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri! Nayenso -ngo- pa "ndinkangothandizathandiza", pamodzi ndi kubwereza tsinde kuja, wasandutsa kalaliki wosunga makiyi kukhala mwana wotumidwa. Ndipo ka- pa "kakalata" wachepetsa chinthu chimene akuchifuna chikhale cholemera. Ukapempha kakalata, usadabwe kulandira mizere iwiri.

Kuopsa kwake kuli apa. Munthu wotanganidwa polemba umboni amatapa mawu m'pempho lomwe walandira. Ukadzitchula wothandizathandiza, kalata idzati unkathandiza m'sitolo, ndipo a ku Lilongwe amene akufuna munthu wodziwa kusunga buku la katundu adzaiika pambali. Lamulo limene ndimatsata ndi ili: kudzichepetsa kukhale pa mneni wopempha, kusafike pa mneni wofotokoza ntchito imene unagwira. Pempha mogwada, koma mbiri yako uinene uli chilili.

Palinso "ndimapempha". Polankhula, kamvekedwe ka mawu kamasiyanitsa -ma- wa chizolowezi ndi -ma- wa zimene zinkachitika posachedwa. Timagwiritsa ntchito wachiwiriyu pofewetsa pempho, monga "ndimafuna ndikuoneni". Koma kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, choncho papepala "ndimapempha chithandizo" angawerengedwe ngati khalidwe la munthu wopemphapempha. Chimodzimodzi "ndimagwira ntchito kwa inu" sakusonyeza ngati ndi kale kapena lero. Pofotokoza zakale m'kalata, -nka- ndiye wosasokoneza: "ndinkagwira".

Mawu otsekera aja, "ngati n'kosatheka palibe kanthu", cholinga chake n'chabwino, kupatsa munthu khomo lotulukira. Koma akabwera pambuyo pa pempho losamveka, ndiponso popanda tsiku, amauza a Phiri kuti nkhaniyi ndi yosafulumira. Kalata yotere siikanidwa. Imangoiwalika.

Makwerero a ulemu

Tisanaone kalata yachitatu, tiyeni tiike mneni wathu pamakwerero, kuyambira pansi:

Ndilembere kalata.
Ndilembereni kalata.
Mundilembere kalata.
Mundilembereko kalata.
Mungandilembereko kalata?
Ndimati ndipemphe ngati mungandilembereko kalata.

Woyamba ndi wouza mwana kapena mnzako wapamtima. Wachiwiri walandira -ni waulemu koma akadali lamulo. Wachitatu wayamba ndi mu-, ndipo wasanduka chikhumbo, ngakhale abwana nawonso amalankhula chomwechi potuma wantchito mwaulemu. Wachinayi wafewa ndi -ko. Wachisanu walowetsa -nga-, amene amafunsa ngati zingatheke, motero mphamvu yonse yapita kwa wopemphedwa. Wachisanu ndi chimodzi wabweza chifuniro m'mbuyo ndi "ndimati", ngati kuti wopempha ndi wokonzeka kuchibweza. Apa -ma- sasokoneza, chifukwa "ndimati ndi..." ndi kaumbidwe kozolowereka kopemphera.

Tamasulani liwu lachisanulo muone: mu-nga-ndi-lemb-er-e-ko. Muli ulemu wa kuchulukitsa, muli kufunsa kuthekera, muli wopindula, muli kufewetsa. Zinthu zinayi m'liwu limodzi. Chingerezi chimafuna mawu angapo kuti chinyamule katundu yemweyu, ndipo ndikuganiza kuti makalata athu ena amatalika chifukwa timatsanzira kutalika kwa Chingerezi pamwamba pa ulemu umene mneni wathu wasenza kale. Timalipira kawiri.

Kwa abwana akale, khwerero lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi likwanira, kamodzi kokha. Ukabwereza "pepani", "chonde" ndi "ngati n'kotheka" m'chiganizo chilichonse, ulemu umasanduka kudandaula, ndipo wowerenga amayamba kudzimva ngati munthu wouma mtima amene akuchondereredwa.

Kalata yachitatu: yoima bwino

"Bambo Phiri,

PEMPHO LA KALATA YAUMBONI

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kusitolo. Ndine Uje, amene ndinali kalaliki wanu kuyambira Malichi 2019 mpaka Okotobala 2022, pamene ndinatsanzika kupita kusukulu.

Ndimati ndipemphe ngati mungandilembereko kalata yaumboni. Ndikufunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungira katundu pakampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe, ndipo akufuna kalata yochokera kumene ndinagwirapo ntchito. Chimene akuyang'ana kwambiri ndi munthu wodziwa kusunga buku la katundu ndiponso wokhulupirika pa ndalama.

Pofuna kukupeputsirani, ndikumbutse ntchito zimene munandipatsa. Ndinkalemba katundu wolowa ndi wotuluka tsiku lililonse, ndinkawerengera nanu katundu kumapeto kwa mwezi, ndinkasunga makiyi, ndipo kuyambira 2021 munkandituma kukasiya ndalama kubanki. Ngati mungathe kunenapo za kagwiridwe kanga ka ntchito ndi khalidwe langa monga munandionera, ndidzathokoza.

Kalatayo akuifuna m'Chingerezi, yosainidwa ndi yodindidwa, pofika Lachisanu pa 21 mwezi uno. Ndikhoza kudzaitenga ndekha kusitolo Lachitatu pa 19, kapena tsiku lina limene lingakukomereni. Ndatumiza pamodzi ndi kalata ino chilengezo cha ntchitoyo, pamene pali keyala yawo.

Ngati pali chovuta, chonde mundidziwitse msanga, ndidzamvetsa. Zikomo kwambiri chifukwa cha zonse zimene ndinaphunzira kwa inu.

Ine,
Uje"

Kalata iyi ndi yotalika kuposa yachiwiri ija, komabe imawerengeka msanga. Chifukwa chake n'chakuti chiganizo chilichonse chikuyankha funso limene a Phiri akanafunsa. Ndiwe yani? Unali kuno liti? Ukufuna chiyani? Chikupita kuti? Ndinenepo zotani? Pofika liti? Ndikupatsa bwanji?

Malonje alipo, koma ndi chiganizo chimodzi. Pempho lafika m'ndime yachiwiri, wowerenga asanayambe kuganiza za ngongole. Mutu wa kalata, umene tinauphunzira pa kalata yantchito, wagwira ntchito yomweyo kuyambira pamwamba. Onaninso kumene kuli -ko. Ali pa "mungandilembereko" basi. Pa ntchito zimene anagwira pali -nka- woima nji, ndipo pa "ndinagwirapo" pali -po, amene akungoloza malo osachepetsa kanthu.

Ndime yachitatu ndiyo mtima wa kalatayi, ndipo ili ndi luso limene ndimalikonda. Mtsikanayu sanalembe kuti "ndinali wokhulupirika". Kudzitama kotero sikumveka bwino m'Chichewa, fodya wako uyamikiridwe ndi ena. Iye wati "munandipatsa", "munkandituma". Mwini mneni ndi a Phiri. Motero mfundo yoti ankamukhulupirira pa ndalama yanenedwa, koma yaoneka ngati nzeru za abwana posankha munthu. Apa ulemu ndi mfundo zayendera limodzi, ndipo a Phiri apatsidwa chaka ndi ntchito zoti angokopera. Wapemphanso poyera kuti anenepo za kagwiridwe kake ka ntchito, paja taona kuti popanda kutero akhoza kungolandira chikalata cha madeti.

Nanga bwanji "Bambo Phiri" m'malo mwa "Okondedwa Bambo"? Mawu oti "wokondedwa" pamutu pa kalata yantchito tinawatengera ku kalembedwe ka Chingerezi. M'mayeso alibe vuto, koma m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku sanafe mphamvu, amanunkhirabe chikondi chenicheni. Mtsikana kulembera bambo amene anali abwana ake kuti "okondedwa", foni n'kugwera m'manja mwa amayi kunyumba, nkhani yake mukuidziwa. "Olemekezeka" nawo ndi wa aphungu ndi nduna, pasitolo akulemera mopitirira. "Bwana" ndi wabwino pakamwa, koma papepala akukubwezera paudindo umene unachokapo. Mfunda ndiwo ulemu wathu wakale, kwa Achewa ndi Angoni a ku Dedza chimodzimodzi. Akanakhala mayi, "Mayi" wotsatana ndi dzina limene amadziwika nalo pantchito akanakwanira. Maina onga Naphiri kapena Nangozo ndi okoma, koma ndi a pamudzi, oyenera amene munazolowerana nawo motero.

Wina anganditsutse

Mnzanga wina wokonda chinenero angati: kalata yachitatuyi ndi Chingerezi chovala nsalu. Mchewa weniweni sapatsa munthu wamkulu tsiku, ndipo samuuza zoti alembe. Mfundoyi ili ndi thupi, ndipo pali malire amene wopempha sayenera kudumpha. Kukumbutsa ntchito zimene unagwira n'kololedwa. Kulembera abwana mawu okuyamikira kuti angosaina, iwo asanakupemphe, ndi mwano. Ngakhale pa tsiku, taonani kuti kalata ija sinati "mulembe pofika Lachitatu". Yati "akuifuna pofika Lachisanu", kusonyeza kuti wokakamiza ndi wina, kenaka yadzipereka kuti "ndikhoza kudzaitenga". Tsiku lanenedwa popanda kulamula.

Koma sindivomereza kuti kutchula mfundo ndi chizungu. Pitani pabwalo la mfumu mukamve mmene nkhoswe imayalira nkhani. Imayamba ndi ulemu, inde, koma ikafika pa mutu imatchula munda, malire ake, chaka, ndi mboni. Wozungulira pabwalo amauzidwa kuti "tafikani pa nkhani". Kuyala mfundo momveka ndi mwambo wathunso. Ndipo kumusiya munthu wamkulu akuvutika kukumbukira ngati unayamba 2018 kapena 2019, mpaka achite kukuimbira ndi mayunitsi ake, ulemu wake uli pati?

Pamene ndikugwirizana ndi mnzangayo ndi pa njira. Kwa anthu ambiri achikulire, pepala lofika mwadzidzidzi ndi louma, ngakhale litalembedwa bwino chotani. Choncho malonje aatali aja asatayidwe, angosamukira kumene amakhala bwino, pakamwa. Imbani foni kapena pitani kusitolo nthawi imene kulibe makasitomala ambiri, funsani za amayi ndi ana, za mvula ndi mtengo wa feteleza, nenani chimene mwadzera, kenaka mutsirize ndi "ndikutumizirani zonse polemba kuti musavutike". Pakamwa pasenze ubale, pepala lisenze madeti. Ndipo perekani nthawi yokwanira, masabata awiri ngati n'kotheka, chifukwa mwina a Phiri alibe kompyuta, kalatayo akaitayipitsa paboma.

Kumva yankho

Kupempha ndi theka chabe. Theka linalo ndi kumva chimene wayankhidwa, chifukwa m'Chichewa munthu wamkulu kawirikawiri sanena "ayi" wouma. "Chabwino, ubwere Lachitatu" ndi kuvomera, pakuti muli tsiku. "Unditumizire madeti aja" ndi kuvomeranso, ntchito yayamba. Koma "ndiona", "tidzakambirana" kapena "ndikakhala ndi mpata", popanda funso lililonse lotsatira, ndi mawu ofunika kuwatchera khutu. Kumbutsani kamodzi patapita masiku angapo: "Bambo, ndimati ndingokumbutsako za kalata ija, paja akuifuna Lachisanu." Liwu loti "paja" ndi lothandiza, limayesa ngati nonse mukudziwa kale, motero silimuimba munthu mlandu woiwala. Yankho likakhalanso "ndiona", mwakanidwa mwaulemu. Musaumirize. Umboni wolembedwa mokakamizika umaoneka, umakhala wa mizere itatu yopanda chitsanzo n'chimodzi chomwe, ndipo olemba ntchito amadziwa kuwerenga zimene sizinanenedwe. Pamenepo pemphani chikalata cha madeti chija, chimene ndi ufulu wanu, ndipo umboni wa khalidwe mukaufune kwina, kwa aphunzitsi kapena kwa amene ankakuyang'anirani pantchito ina.

Pali yankho linanso lofala: "Ingolemba wekha, ndidzasaina." Likabwera kuchokera kwa iwo, si mwanonso kulemba. Koma lembani zokhazo zimene a Phiri angazivomere ataimbiridwa foni mwadzidzidzi. Mukadzikweza kukhala manijala pamene munali kalaliki, funso limodzi la a ku Lilongwe likwanira kugwetsa zonse, ndipo mwawaika bambo aja pamalo onama.

Nanga ngati simunasiyane bwino? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo tsiku lopempha umboni ndilo tsiku loupeza. Kalata yoyerekeza ngati palibe chinachitika imakwiyitsa. Yofukula mlandu wonse nayo imatsekereza khomo. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Ndikudziwa kuti sindinatsanzike bwino, ndipo ndikupepesa." Apa "pepani" ali ndi ntchito yeniyeni, kusiyana ndi "pepani pokuvutitsani" wa m'kalata yachiwiri amene amangodzaza malo. Nkhani yotere ndi bwino iyambire pamaso, mwinanso kudzera mwa munthu amene nonse mumamulemekeza, pepala lizibwera pambuyo.

Kalata ikatuluka, mwambo wathu wothokoza kawiri ugwire ntchito: polandira, ndiponso zotsatira zikadziwika, kaya mwalembedwa kaya ayi. Ndipo ngati munangopempha kuika dzina lawo pa sivi, muziwadziwitsa nthawi iliyonse imene mwalipereka kwina, kuti foni yochokera ku Lilongwe isawapeze akufunsa kuti "Uje wake uti?"

Kwa ophunzira chinenero, ndikusiyirani kantchito. Tengani uthenga uliwonse wopempha umene munalemba chaka chino, mudule mzere pansi pa -ko, -ngo- ndi ka- aliyense. Kenaka funsani pa aliyense: kodi akuchepetsa pempho langa, kapena akuchepetsa ine? Oyambawo asiyeni. Enawo afufuteni, ndipo pamalo pake mulembepo chaka, udindo ndi ntchito imene munagwira.